Kalembedwe ka kalata yopepesa mukajomba ku ntchito osadziwitsa aliyense

Munthu amene wajomba ku ntchito osanena amakhala ndi milandu iwiri, koma nthawi zambiri amangoona umodzi. Mlandu woyamba ndi kusabwera. Wachiwiri ndi kukhala chete. Pa zaka zimene ndayang'anira anzanga pa ntchito ndawerenga makalata ambiri opepesa, ndipo pafupifupi onse amadzaza tsamba ndi chimene chinamulepheretsa munthu kubwera: mwana anadwala, galimoto inafa panjira, kunagwa zovuta. Funso limene bwana wagona nalo sakuliyankha n'komwe. Funsolo ndi lakuti, "Nanga bwanji simunandiuze?" Chifukwa chabwino chingathe kufafaniza mlandu woyamba. Wachiwiri umafafanizika pouvomera basi, ndipo kalata yanu yonse iyenera kumangidwa mozungulira pamenepo.

Kuti tisamangolankhula m'mwamba, titsate nkhani imodzi. Tiyerekeze kuti ndinu wosunga katundu pa kampani ina, ndipo makiyi a nyumba yosungiramo katundu amakhala ndi inu. Ntchito mumayamba 8 koloko m'mawa ndi kuweruka 5 koloko madzulo. Usiku wa Lolemba mwana wanu anadwala mwakayakaya, munathamangira naye ku chipatala, foni inatha moto kusanache, ndipo Lachiwiri lonse ku ntchito sanakuoneni, sanakumveninso. Lero ndi Lachitatu.

Choyamba: lankhulani musanalembe

Kalata siiyenera kukhala mawu oyamba amene bwana akumva kuchokera kwa inu. Mukangopeza mpata, kaya ndi Lachiwiri usiku kapena Lachitatu mamawa, imbani foni kapena tumizani uthenga waufupi wonena kuti muli moyo, mukubwera nthawi yakuti, ndipo mudzafotokoza mukafika. Mizere iwiri yakwana. Kumbukirani kuti anthu ena ku ntchitoko anada nkhawa asanakwiye: munthu amene sajombajomba akasowa, anzake amayamba aganiza za ngozi.

Mukafika, pitani nokha kwa amene amakuyang'anirani musanakhale pampando wanu. Musayembekeze kuitanidwa, ndipo musamulambalale n'kukayamba kwa bwana wamkulu, chifukwa potero mumamuchititsa manyazi kawiri. Pepesani pamaso, kenako nenani kuti mulemba kalata lero lomwe. Lero lomwe ndithu. Kalata imene yafika Lachitatu masana imawerengedwa ngati ya munthu amene wazindikira yekha kulakwa kwake, pomwe yofika Lolemba linalo, a ofesi yoona za ogwira ntchito atayamba kale kufunsa, imawerengedwa ngati ya munthu amene wapanikizika.

Chachiwiri: fufuzani chimene chinaonongeka

Apa ndi pamene ambiri amalumpha, koma m'pamene pagona mphamvu ya kalata. Simungapepese bwino chinthu chimene simukuchidziwa. Musanagwire cholembera, yendani kaye, mufunse anzanu mafunso atatu: ndani anagwira ntchito yanga dzulo, ndi chiyani chimene chinachedwa, ndipo ndi chiyani chimene sichinachitike mpaka pano.

M'nkhani yathuyi mukupeza izi. Lole yobweretsa katundu inafika 9 koloko n'kupeza chitseko chokhoma. Inadikira mpaka 11 koloko, pamene wina anakatenga makiyi apadera kwa bwana wamkulu. Mnzanu wa ku ofesi yolemba maoda anasiya ntchito yake n'kudzalandira katunduyo, ndipo poti si ntchito yake, sanalembe katunduyo m'buku. Kuwerenga katundu kumene kumachitika Lachiwiri lililonse sikunachitike. Zilembeni papepala lina, ndi maola ake. Zinthu zinayi zimenezi ndizo zidzasiyanitse kalata yanu ndi kalata ya munthu wongopepesa mwamwambo.

Pa nthawi yomweyo tsegulani mgwirizano wanu wa ntchito kapena kabuku ka malamulo a pakampanipo, muone chimene kakunena pa za kujomba: munayenera kudziwitsa ndani, pofika nthawi yanji, ndipo chilango chake chimayambira pati. Malo ambiri a ntchito amakhala ndi masitepe, kuyambira chenjezo lapakamwa, kenako lolembedwa, kenako lomaliza, ndipo kujomba masiku angapo otsatizana osanena amakutenga ngati mlandu waukulu kuposa kujomba tsiku limodzi. Mukadziwa pamene mwaima, simudzapepesa mopitirira mlandu wanu kapena moperewera.

Chachitatu: dzifunseni moona za kukhala chete kwanu

Tengani tsiku la dzulo, mulidule m'maola, ndipo mufunefune nthawi yoyamba imene mukanatha kutumiza mawu. Foni inatha moto, n'zoona. Koma mwana atagonekedwa ndi kupatsidwa mankhwala cha m'ma 10 koloko, munakhala pa benchi pakati pa anthu ambiri, ndipo ambiri a iwo anali ndi mafoni m'manja. Mukanabwereka. Simunabwereke chifukwa nambala ya bwana simukuidziwa pamtima, komanso, tinene zoona, mtima wanu sunali ku ntchito.

Bwana wanu adzawerengera masamu omwewa, ndipo mwina wawerengera kale dzulo ali pafupi ndi lole ija. Mukalemba kuti "panalibe njira ina iliyonse yoti ndikudziwitseni," adzakhulupirira za matenda a mwana koma adzayamba kukayika inuyo. Mukalemba kuti "kuyambira 10 koloko ndikanatha kubwereka foni, koma sindinatero," mwamulanda mawu amene amafuna kukuuzani, ndipo chotsala n'kukambirana zokonza basi. Ndaona anthu aukali ndithu akuzizira atawerenga mzere woterewu.

Chachinayi: lembani, motsatira ndondomeko iyi

Yambani ndi chimene chinachitika, m'chiganizo chimodzi chokhala ndi tsiku ndi deti. Motsatira apo vomerezani kulakwa. Chifukwa chanu chibwere pambuyo pa kuvomera, osati patsogolo pake. Kasanjidwe kameneka musakaone mopepuka: chifukwa chikatsogola, kupepesa kumamveka ngati kongomalizitsira, koma kuvomera kukatsogola, chifukwacho chimamveka ngati kungodziwitsa, osati kudziteteza. Kenako tchulani zimene zinaonongeka, zimene mukufuna kuchita pokonza, ndi chimene mwasintha kuti kukhala chete kusabwerezeke.

Taonani kaye mmene ambiri amalembera ulendo woyamba:

"Bwana, ndikupepesa ngati kusabwera kwanga dzulo kunasokoneza zinthu. Mwana wanga anadwala kwambiri usiku ndipo tinavutika kupeza mayendedwe, titafika ku chipatala panali mzere wautali, foni nayo inazima, ndiye zinangochitika choncho. Monga mukudziwa sindinajombepo chiyambire, ndipo mwezi watha ndinagwira Loweruka awiri. Chonde ndikhululukireni, sizidzachitikanso."

Palibe bodza m'kalatayi, koma ili ndi mabowo. Mawu akuti "ngati" akutanthauza kuti mwina palibe chinasokonekera, pomwe bwana anaona lole itaima maola awiri. "Zinangochitika" akuchotsa mwini mlandu m'chiganizo, ngati kuti kukhala chete kunagwa kuchokera kumwamba. Kukumbutsa bwana za Loweruka awiri aja kukumveka ngati kulipiritsa ngongole. Mbiri yanu yabwino bwana akuidziwa, ndipo imagwira ntchito bwino akaikumbukira yekha. Ndipo "sizidzachitikanso" ndi lonjezo limene simungalisunge, popeza mwana angadwalenso mawa. Chimene mungalonjeze n'chakuti simudzakhalanso chete.

Tsopano kalata yomweyo italembedwanso:

"Bwana,

KUPEPESA CHIFUKWA CHOJOMBA KU NTCHITO LACHIWIRI PA 14

Dzulo, Lachiwiri pa 14, sindinabwere ku ntchito ndipo sindinadziwitse inu kapena wina aliyense. Ndinalakwa, ndipo ndikupepesa.

Lolemba usiku mwana wanga anadwala mwadzidzidzi ndipo ndinakhala naye ku chipatala mpaka dzulo madzulo. Kalata ya kuchipatala ndaiphatikiza. Foni yanga inatha moto, koma kuyambira cha m'ma 10 koloko ndikanatha kubwereka ya wina n'kukutumizirani mawu. Sindinatero, ndipo kulakwa kumeneko n'kwanga.

Ndamva kuti lole ya katundu inadikira kuyambira 9 koloko mpaka 11 koloko chifukwa makiyi anali ndi ine, kuti mnzanga wa ku maoda anasiya ntchito yake kudzalandira katunduyo, komanso kuti kuwerenga katundu kwa Lachiwiri sikunachitike.

Lero ndisanaweruke ndilemba katundu wadzulo yense m'buku, ndipo mawa pofika 12 koloko ndidzakupatsani lipoti la kuwerenga katundu. Mukalola, ndiimbira a kampani ya lole ija kuwapepesa. Za tsiku limene ndinajombalo, ndikupempha kuti lichotsedwe pa masiku anga a tchuthi, kapena ndibweze maola 8 amenewo pogwira maola 4 Loweruka lino ndi maola 4 Loweruka linalo. Ndidzatsata chimene mungagamule.

Nambala yanu ndi ya ku ofesi ndazilemba papepala limene ndiziyenda nalo, ndipo ndazipatsanso akunyumba kwanga kuti adzaimbe ine ndikadzalephera. Ndikupemphanso kuti tikambirane zoika makiyi apadera pamalo oti angapezeke msanga.

Ine wanu,"

Pansi pake dzina lanu, udindo wanu, deti ndi siginecha. Yonse ikwane tsamba limodzi. Ikafika masamba awiri, dziwani kuti gawo la chifukwa latupa, ndipo n'kumene muyenera kudula. Onani kuti za mzere wa ku chipatala ndi za mayendedwe zachoka. Dzina la matenda a mwana nalonso mulibe, ndipo silifunika: kalatayi idzalowa mu fayilo imene anthu ena osawadziwa adzaitsegula zaka zikubwerazi.

Chachisanu: yesani zimene mwalonjeza

Gawo la kukonza ndi limene limagwetsa anthu amitima yabwino, chifukwa manyazi akakugwira umalonjeza chilichonse. Lonjezo lililonse liyeseni ndi mafunso awiri. Kodi lili ndi tsiku ndi nthawi? Kodi lili m'manja mwanga? "Ndidzalimbikira ntchito kuposa kale" lilibe tsiku, ndipo palibe angadziwe ngati mwalikwaniritsa. "Lipoti lidzafika mawa pofika 12 koloko" aliyense angalione pa wotchi. Koma musalembe 12 koloko ngati mukudziwa kuti kuwerenga katundu kumatenga maola 6 ndipo mawa m'mawa kukubwera lole ina. Lembani 4 koloko, mukapereke 3 koloko. Kuphonya lonjezo la m'kalata yopepesa kumapweteka kuposa kujomba kumene, poti tsopano bwana ali ndi umboni wolembedwa ndi dzanja lanu.

Pali zina zimene si inu wozigamula, ndipo zimenezo muzilembe ngati pempho. Kubweza maola ndi chitsanzo chake. Simungangoganiza nokha kuti mubwera Loweruka, chifukwa pangafunike wina wokutsegulirani, ndipo malo ena maola owonjezera amayenera kuvomerezedwa kaye popeza amakhudza malipiro. Kuimbira a kampani ya lole ija n'chimodzimodzi: mwina bwana anawapepesa kale dzulo ndipo safuna nkhaniyo idzutsidwenso. N'chifukwa chake m'kalata ija muli mawu akuti "mukalola" ndi "ndidzatsata chimene mungagamule." Kupereka njira ziwiri kumathandiza, poti bwana amasankha imene ikugwirizana ndi malamulo a pamenepo m'malo mongokana imodzi imene mwabweretsa.

Musadzipatse nokha chilango. Ena amalemba kuti "ndili wokonzeka kulandira chilango chilichonse, ngakhale kuchotsedwa ntchito," poganiza kuti akuonetsa kudzichepetsa. Mawu amenewo amatsala mu fayilo mkwiyo wa aliyense utatha. Musalembenso kuti mudzalipira zimene kampani yataya musanadziwe kuti ndi zingati komanso ngati malamulo amalola kuti zidulidwe pa malipiro anu.

Mnzanu wa ku maoda uja musamuiwale. Iye safuna kalata. Mupiteni nokha, mumuthokoze, mumufunse chimene chinatsalira pa tebulo lake chifukwa cha inu, ndipo ngati n'kotheka mumuthandize. Mawa bwana akadzafuna kudziwa ngati mwasinthadi, woyamba kumufunsa ndi iyeyo.

Nanga ngati chifukwa chanu n'chochititsa manyazi?

Nkhani ya mwana wodwala ndi yopepuka kuilemba. Yovuta ndi ya munthu amene anachezera usiku, anadzidzimuka dzuwa lili pamutu, anaona kuti bwana waimba kasanu, ndipo mantha anamuchititsa kuzimitsa foni n'kufunda bulangete. Apa chiyeso chachikulu ndi kupeka maliro kapena matenda. Musatero. Bodza limafuna umboni, umboni wabodza umafuna bodza lina, ndipo mukagwidwa mlandu umasintha dzina: suli wojombanso, uli wachinyengo. Pamalo ambiri kujomba tsiku limodzi koyamba kumathera pa chenjezo, pomwe kalata yabodza ya kuchipatala imatha kuthetsa ntchito.

Simukukakamizidwa kuulula zonse za usikuwo. Mukhoza kufupikitsa popanda kunama: "Ndilibe chifukwa chomveka chimene ndingakupatseni. Ndinachedwa kudzuka, ndipo nditaona kuti nthawi yatha ndinachita manyazi kuimba. Ndikudziwa kuti kukhala chete kumeneko kunakulitsa vuto." Zina zonse za m'kalata zikhale monga poyamba, koma gawo la kukonza likhale lolemera kwambiri, chifukwa ndilo lokha limene latsala kukuyankhulirani. Pempho lakuti tsikulo lichotsedwe pa tchuthi mungalipereke, koma yembekezani kuti angakane n'kudula malipiro a tsikulo, ndipo mukatero musakangane.

Ngati kujombaku kukuchokera ku vuto limene likupitirira, monga matenda anu okhalitsa, kusamalira wodwala kunyumba kapena kumwa kumene kwayamba kukulamulirani, kalata yopepesa siikwanira kunyamula zimenezo. Onjezani mzere umodzi wopempha kuonana ndi bwana mwamseri. Kupepesa katatu pa chinthu chimodzi osatchula muzu wake kumathera pa chenjezo lomaliza.

Chachisanu ndi chimodzi: vomerani chanu chokha

Kuvomera kulakwa sikutanthauza kusenza chilichonse chimene chinasokonekera tsikulo. Tiyerekeze kuti pa katundu amene mnzanu analandira dzulo pakusowa makatoni 3. Inu munalakwa posabwera ndi posanena, koma simukudziwa ngati makatoniwo anatsika m'lole kapena ayi. Musalembe kuti "zonse zimene zaonongeka ndi chifukwa cha ine." Musalozenso mnzanu chala. Lembani chimene mwaona: "Polemba m'buku ndapeza kuti makatoni 3 sakugwirizana ndi chikalata chobwera ndi katundu, ndipo ndikufufuza." Pewani mawu aakulu odziweruza nawo monga "kunyozera ntchito" kapena "kusamvera," makamaka ngati mawu omwewo ali m'kabuku ka malamulo ngati maina a milandu. Fotokozani chimene munachita, dzina la mlandu musiyire eni ake.

Kusamala kumeneku kumakula ngati si inu mwayamba, koma kampani yakulemberani kalata yofuna kuti mufotokoze chifukwa chimene musalangidwire. Imeneyo ndi chiyambi cha mlandu, ndipo yankho lanu lidzawerengedwa pa tsiku lomva nkhani yanu. Onani tsiku lomaliza kuyankha limene alemba ndipo musalipitirire. Yankhani mfundo iliyonse imene atchula, imodziimodzi: imene ili yoona muivomere, imene ili yolakwika muikonze modekha ndi umboni. Akalemba kuti munajomba masiku awiri pomwe Lolemba munasaina m'kaundula, nenani zimenezo. Ngati pamalopo pali bungwe la ogwira ntchito, muonetseni nthumwi yake yankho lanu musanalipereke.

Chomaliza: kupereka ndi kutsatira

Iwerengeni mokweza kamodzi. Paliponse pamene pali "koma" pambuyo pa "ndikupepesa," imani muone ngati simukubweza ndi dzanja lamanzere chimene mwapereka ndi lamanja. Onaninso deti ndi maola, chifukwa kulakwitsa deti m'kalata yonena za tsiku limodzi lokha kumaonetsa kuti munalemba mothamanga.

Perekani kwa amene amakuyang'anirani, mwa njira imene makalata amayendera pamalopo. Ikakhala ya papepala, jambulani ina yanu ndipo mupemphe wolandira asaine ndi kulemba deti pa yanuyo. Ikakhala ya pa imelo, mutu wake ukhale womwe uja wa tsiku ndi deti, ndipo musatumizire gulu lonse la ogwira nawo ntchito. Kalata ya kuchipatala perekani yojambula, yeniyeni musunge pokhapokha ataifuna.

Mwina bwana sadzayankha kanthu, ndipo musamuvutitse ndi mafunso akuti "kodi mwandikhululukira?" Lachinayi lipoti lija likatha, mupatseni ndi mawu ochepa: "Bwana, lipoti ndinalonjeza lija ndi ili. Za makatoni 3 aja, a kampani ya lole avomera kuti anatsala m'galimoto ndipo abweretsa Lachisanu." Ngati pofika Lachisanu masana sananenepo kanthu za tsiku lojombalo, afunseni kamodzi ngati mubwere Loweruka kapena alichotsa pa tchuthi, ndipo yankho lawo mulilembe kuseri kwa kalata yanu yosunga ija.